Kumupatsa munthu magolovesi si kumuphunzitsa

Ndakhala chete kwa milungu ingapo chifukwa cha mapepala a Fomu 4, mundikhululukire. Lero sindikamba za mayeso. Ndikufuna ndiyambe ndadziimba ndekha mlandu, kenako ndinene maganizo anga pa nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima.

Teremu yathayi mwana wina anagwetsa byureti mu labotale. Amene munadutsa m'manja mwanga mukuidziwa, chubu chachitali chagalasi chija chimene ndinkakuopsezani nacho kuti mukaswa mulipira. Ndinasesa ndekha zidutswazo, ndinazithira mu jumbo, jumboyo ndinaiponya m'thumba la feteleza momwe munali mapepala ndi fumbi la choko. Lachinayi kunabwera lole ya kakampani kamene kamatitolera zinyalala. Mmodzi wa anyamata a pa loleyo ndi mwana wanga wakale, ndinamuphunzitsa Fizikisi zaka zingapo zapitazo. Anagwira thumbalo kukamwa ndi dzanja lamanja, lamanzere analiika kunsi kuti alikankhire m'mwamba, monga aliyense amachitira akamakweza thumba la chimanga. Chidutswa cha byureti chinaboola jumbo, chinaboola thumba, chinaboola golovesi, n'kumucheka pachikhatho patsinde pa chala chachikulu.

Anabwera ku sitafurumu atafumbata dzanja, magazi akudontha. "Aphunzitsi, muli ndi bandeji?" Nditaona chimene chinamucheka ndinachizindikira nthawi yomweyo, chifukwa chinali ndi timizere tija ta mamililita. Kuchipatala anamusoka.

Tili pamzere kuchipatalako ndinamufunsa kuti, iwe, kodi pokulemba ntchito anakuphunzitsa chiyani? Anaseka. Akuti tsiku loyamba anamupatsa ovolosi, gambutsi ndi magolovesi, anasainitsa m'kope kuti walandira, kenako anamuuza kuti kwera. Ndipo anandifotokozera za mnzake wa pa lole yomweyo amene anabayidwa ndi singano ya jakisoni pantchafu, thumba litamugunda pamene ankathamanga nalo. Linali Lachisanu m'mawa. Anafinya pabalapo, anathirapo jiki, anapitiriza ntchito. Kuchipatala anapita Lachiwiri mkazi wake atamukakamiza, ndipo anamuuza kuti nthawi ya mankhwala oteteza ku HIV yadutsa. Kenako inali miyezi yodikira zotsatira za magazi. Mwamwayi anamupeza alibe kachilombo, koma akuti munthuyo anawonda ndi maganizo okha.

Mfundo yanga ndi iyi. Ife aphunzitsi timadziwa kuti kugawa mabuku tsiku lotsegulira sukulu si kuphunzitsa. Palibe wa ife amene angapereke buku la masamu kwa mwana, kumusainitsa, n'kunena kuti silabasi yatha. Koma ndi mmene ambiri otola zinyalala amalowera ntchito. Ndipo ngakhale kumene maphunziro amachitika, ndikuona kuti akamachitikira m'holo, anthu atakhala pa mipando kuonera zithunzi, amasiya chinthu chenicheni chimene chimavulaza anthu. Chinthucho ndi chakuti malamulo awiri akuluakulu a ntchitoyi amatsutsana, ndipo munthu sangaone kutsutsanako pokhapokha ali ndi thumba m'manja.

Lamulo loyamba ndi la kanyamulidwe. Limati katundu umuyandikize kuthupi. Izi si nkhambakamwa, ndi phunziro lija la ma liva la Fomu 2. Minofu ya kumsana imene imakudzutsa ukawerama imakoka pafupi kwambiri ndi fupa la msana, pa mtunda wa masentimita pafupifupi 5. Katundu amene uli naye m'manja ali patali kuposa pamenepo. Tiyeni tiwerengere. Thumba la makilogalamu 20 likakhala pa masentimita 25 kuchokera kumsana, timachulukitsa 20 ndi 25 kupeza 500, n'kugawa ndi 5. Minofu ija ikuyenera kukoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 100. Thumba lomwelo ukalitalikitsa kufika masentimita 50, mphamvuyo imafika pa makilogalamu 200. Ndapeputsa masamu, sindinawerengere kulemera kwa mutu, manja ndi chifuwa cha munthuyo zimene nazonso zimalendewera pamsana akawerama. Koma chithunzi mwachiona. Katundu sanasinthe, chasintha ndi mtunda, ndipo msana walipira kawiri.

N'chifukwa chake mabungwe oona za chitetezo pantchito sapereka nambala imodzi. La ku America lotchedwa NIOSH limayambira pa makilogalamu 23, ndipo ameneyo ndi katundu amene ali pafupi ndi thupi, ali cha m'chiuno, ali ndi pogwira pabwino, ndipo ukunyamula mwa apo ndi apo osapotoza thupi. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, nambala imatsika. La ku Britain lotchedwa HSE limaika makilogalamu 25 kwa mwamuna katundu akakhala cha m'chiuno pafupi ndi thupi, koma 10 okha akakhala pansi cha kuakakolo kapena pamwamba pa mapewa, ndi 5 ngati pamalo amenewo watambasulanso mikono. Tsono taganizani za wotola zinyalala. Katundu wake amayambira pansi penipeni n'kukathera pamwamba pa lole, kupitirira mutu. Malo onse awiri oipitsitsa amawadutsa pa thumba lililonse, kambirimbiri pa tsiku.

Lamulo lachiwiri ndi la zobaya. Limati thumba ulitalikitse ndi thupi. Usalikumbatire, usaliike paphewa kapena pamutu, lisakugunde m'miyendo ukamayenda, ndipo usaike dzanja kunsi kwake. Chifukwa chake n'chosavuta. Galasi, misomali ndi malezala n'zolemera kuposa mapepala ndi makoko, ndiye zimatsikira pansi pa thumba. Ukalinyamula, kulemera kwa zinyalala zonse kumazikankha kuti zitulukire kunsi ndi m'mbali. Dzanja limene waika kunsi kuti lithandize likukumana ndi nsonga imene ikukankhidwa ndi thumba lonse. Ndi zimene zinachitikira mwana wanga uja.

Ndiye munthu atani? M'mawa wamva kuti yandikiza, masana wamva kuti talikitsa. Akapanda kuuzidwa momwe ziwirizi zimagwirizanirana, amasankha chimene thupi lake lazolowera kuyambira ali mwana, ndiko kukumbatira ndi kusenza, popeza ndi mmene tonse tinaphunzirira kunyamula matumba kumunda ndi kuchigayo.

Yankho lilipo, ndipo ndi limene ndikuona kuti liyenera kukhala pakati pa maphunziro onse. Musanafunse kuti ndinyamule bwanji, funsani kuti chimene ndikunyamulachi n'cholimba kapena n'chofewa. Chinthu cha khoma lolimba, monga bini ya pulasitiki yokhuthala, ndowa kapena diramu, chimatsata lamulo loyamba. Uchiyandikire, mapazi uwatalikitse pang'ono lina kutsogolo lina kumbuyo, upinde mawondo ndi chiuno, ugwire zolimba, udzuke mosadzidzimutsa, ndipo pofuna kutembenuka usunthe mapazi m'malo mopotoza chiuno. Chinthu chofewa, thumba kapena jumbo, chimatsata lamulo lachiwiri. Umachigwira kukamwa kokha, pamwamba pa mfundo, chikulendewera pambali osakhudza mwendo. Ndipo popeza masamu aja atiuza kuti katundu wotalikira amalanga msana, thumba logwidwa motere liyenera kukhala lopepuka. Njira yodziwira ndi kuliyesa kaye, kulikoka pang'ono kukamwa lisanachoke pansi. Ngati dzanja limodzi silingalinyamule bwinobwino, ngati ukumva kuti dzanja linalo likufuna kupita kunsi, thumbalo si lonyamula wekha. Uligubuduzire mu bini yolimba kapena mu wilibala ndi fosholo, kapena uligoneke pa chisaka chokhuthala anthu awiri agwire m'makona. Ine ndimakonda chizindikiro chimenechi cha dzanja lofuna kupita kunsi chifukwa sichifuna sikelo, munthu amachimva yekha m'thupi.

Zimenezi sizingalowe ndi mawu okha. Bala litapola ndinapempha mwini kakampani kaja, bambo wina womvetsa zinthu, kuti andibwereke anyamata ake Loweruka lina m'mawa pabwalo la sukulu. Anabwera asanu ndi mmodzi, ndi lole yawo. Ndinadzaza matumba ndi mapepala ndi mchenga, ndipo m'kati ndinabisamo timitengo tosasongola tokhala ndi choko chofiira kunsonga, titatulukira pang'ono kunsi ndi m'mbali. Ndinawauza kuti kwezani monga mumakwezera masiku onse. Atamaliza tinayang'anana. Choko chinali m'zikhatho, m'ntchafu, pamimba, wina mpaka pakhosi chifukwa anasenzera paphewa. Panali phwete, koma kuseka kuja kunatha msanga. Mmodzi wachikulire, amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, anangoti, "Aphunzitsi, ndiye kuti tikungoyendera chisomo." Tinabwereza kanayi mpaka ovolosi anayamba kutuluka opanda choko. Kunena zoona, phunziro la choko limeneli linaposa zonse zimene ndinayankhula tsikulo.

Iwonso anandiphunzitsa. Chimene amadana nacho kwambiri si thumba, ndi diramu yodula pakati imene ambiri timaika pageti. Diramu ya malita 200 ikadulidwa, theka lake limalowa malita 100, ndipo m'makomo mwathu timathiramo phulusa la mbaula, mchenga wosesa pabwalo ndi makoko a mango. Nthawi ya dzinja imasanduka chitsime. Tinayeza imodzi, kukamwa kwake ndi masentimita pafupifupi 57, kutanthauza kuti madzi akuya masentimita 10 okha ndi malita oposa 25, ndiye kuti makilogalamu 25 a madzi basi musanawerenge zinyalala ndi chitsulo. Ilibe zogwirira, ndipo mkombero wake wodulidwa ndi tchizulo ndi mpeni pawokha. Diramu yotere ndi ya anthu awiri nthawi zonse, mmodzi akuwerenga kuti anyamulire pamodzi, ndipo ikadzaza kwambiri ayambe achepetsa ndi fosholo. Eni nyumbafe tikanangoboola timabowo kunsi ndi kuvindikira pamwamba, tikanawachotsera theka la mavutowo.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene chikuoneka ngati chikugwetsa mfundo yanga. Gulu la akatswiri lotchedwa Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika mu 2011 ngati kuphunzitsa anthu kanyamulidwe kumachepetsa kupweteka kwa msana, ndipo silinapeze umboni woti kumatero. Wina anganene kuti, aphunzitsi, ndiye mukuvutikiranji? Ine ndimamva mosiyana. Zimenezi zikundiuza kuti sungamuphunzitse munthu kupinda mawondo n'kumubwezera ku diramu yomweyo, lole yomweyo ya mbali zazitali ndi liwiro lomwelo, n'kumayembekeza kuti msana upulumuka. Phunziro lothandiza ndi limene limamupatsa wantchito mphamvu yonena kuti ichi sindinyamula ndekha, ndipo mphamvu imeneyo ilibe ntchito ngati kapitawo ndi dalaivala sanamve nawo. Ngati anthu amaweruka pokhapokha msewu wonse utatha, adzathamanga, adzaponya matumba, ndipo wodikira mnzake kuti anyamule awiri adzatchedwa waulesi. N'chifukwa chake ndinakakamira kuti bwana ndi dalaivala akhalepo Loweruka lija. Chimene chinatulukapo n'chaching'ono koma chenicheni: anagwirizana kuti azitsegula chitseko cha kumbuyo kwa lole pokweza zolemera m'malo moziponya kudutsa pamwamba pa mbali, ndipo anagula fosholo yachiwiri.

Tibwere ku zovala zodzitetezera, kumene anthu ambiri amayambira n'kutherako. Chinthu choyamba chimene wotola zinyalala ayenera kumva za golovesi ndi chimene golovesiyo singathe. Magolovesi opyapyala a kuchipatala aja amang'ambika pa thumba loyamba. Aatali a pulasitiki yokhuthala amatchinga madzi onyansa koma galasi lakuthwa limadutsa, ngati mmene linadutsira kwa mwana wanga. Achikopa amalimba ku zokanda, koma akanyowa amamwa uve n'kuuma gwa. Pa magolovesi abwino a ntchito pamakhala chizindikiro cholembedwa EN 388 ndi manambala pansi pake. Anayi oyambirira amanena kulimba kwake ku kukhuzika, kuchekeka, kung'ambika ndi kubooka, ndipo nambala ikakula ndiye kuti kulimbako n'kwakukulu. Wogula ayang'anitsitse yachiwiri ndi yachinayi. Koma pali msampha. Poyesa kubooka amagwiritsa ntchito chitsulo chonenepa ngati msomali waukulu, osati singano ya jakisoni. Singano inapangidwa dala kuti ilowe mosavuta, ndipo imadutsa golovesi ya nambala 4 ngati palibe kanthu. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amavala golovesi n'kuyamba kulimba mtima, kupisa dzanja mu bini, kukanikiza zinyalala ndi chikhatho kuti zikwane. Golovesi yamuwonjezera ngozi m'malo momuchepetsera. Lamulo likhale lakuti dzanja lisapite kumene maso sakuona, kaya lavala kaya silinavale. Kumeneko kupite fosholo, foloko kapena ndodo.

Ndi mapazi chimodzimodzi. Anyamata amakonda kukwera pamwamba pa lole n'kumapondaponda zinyalala kuti malo apezeke. Gambutsi wamba, wa kudimba uja, msomali umalowa kuphazi mosavuta, ndipo botolo losweka limamucheka m'mbali. Zilipo nsapato za ntchito zokhala ndi chitsulo chopyapyala kuphazi, ndipo ndi zimene zikuyenera ntchitoyi, koma ngakhale utavala zimenezo kupondaponda kusiyidwe. Kanthu kena kakang'ono: miyendo ya ovolosi izikhala kunja kwa gambutsi, osati kupisira m'kati. Ukapisira, kukamwa kwa gambutsi kumasanduka fanulo yolandira tizidutswa ta galasi tikamagwa pokhuthula bini.

Ndinawafunsa chifukwa chake nthawi zambiri ndimawaona magolovesi ali m'thumba la ovolosi. Sanabise. Mu Okutobala manja amasambira thukuta mpaka khungu kuyera ndi kusupuka. Magolovesi onse anagulidwa a saizi imodzi, ndiye wa manja aang'ono zinthu zimamupulumuka. Ndipo peyala ndi imodzi, ikanyowa m'kati Lolemba imakhala yonyowa mpaka Loweruka. Awa si mavuto a umbuli, ndipo kuwakalipira sikungawathetse. Amatha ndi mapeyala awiri osinthanitsa, saizi yoyesa munthu asanalandire, ndi chizolowezi chotsuka magolovesi ndi sopo akadali m'manja, kenako kuwavula ndi kuwayanika atatembenuzidwa. Tinayesanso njira yoonera ngati golovesi yapulasitiki yabooka: kuithira madzi n'kufinya kukamwa, kadontho kakatuluka ndiye yatha ntchito. Mwa mapeyala asanu ndi limodzi, anayi ankadontha. Za masiki ya fumbi pokhuthula phulusa ndi chovala chowala cha pamsewu sindichulukitsa mawu, n'zofunika ndipo palibe amene amatsutsa.

Singano ikaoneka poyera, ili ndi katoledwe kake. Choyamba uike chotengera pansi, chigubu cholimba chokhala ndi chitsekero chopota, monga cha mafuta ophikira. Usachigwire ndi dzanja linalo, chifukwa ukaphonya kukamwa singano ikubaya iwe. Utole ndi pulayala kapena chopanira, kugwira kumbuyo kwa sirinji, nsonga italoza pansi, n'kuigwetsera m'chigubumo. Usayese kubwezeretsa kachivindikiro ka singano, usaipinde, usaithyole. Chigubu chisadzaze kupitirira magawo atatu mwa anayi, monga amachitira ndi mabokosi achikasu aja a kuchipatala, ndipo chikaperekedwe kuchipatala osati kumtaya. Masingano m'zinyalala za m'makomo si zachilendo masiku ano. Alipo odwala shuga amene amadzibaya insulini tsiku ndi tsiku, alipo amayi amene amadzibaya okha jakisoni wolera kunyumba, ndipo si onse amene amabweza masingano kuchipatala. Thumba limodzi likakhala ndi zambiri, mabandeji, masirinji ndi timabotolo ta mankhwala, ndiye kuti wina wataya zinyalala za chipatala pamalo olakwika. Limenelo lisakwezedwe, auzidwe akuluakulu.

Koma gawo limene ndingaike patsogolo, ndikanapatsidwa mphindi khumi zokha, ndi la zoyenera kuchita ukabayidwa. Mnzake wa mwana wanga uja sanavutike chifukwa chosowa golovesi, singano inamubaya pantchafu. Anavutika chifukwa palibe amene anamuuza za maola 72. Zoyenera ndi izi. Siya ntchito nthawi yomweyo. Tsuka pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda, magazi atuluke okha. Usayamwe, usafinye mwamphamvu, usakhule, usathirepo jiki chifukwa imangowotcha mnofu. Phimba ndi kansalu koyera, uza kapitawo, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amayamba akuyeza HIV, ndipo dokotala akaona kuti n'koyenera amakupatsa mankhwala otchedwa PEP, amene ndi ma ARV omwa masiku 28 osadumphitsa. Amagwira bwino ukayamba m'maola oyambirira, ndipo maola 72 akadutsa saperekedwanso. Wobayidwa Lachisanu 10 koloko m'mawa malire ake ndi Lolemba 10 koloko m'mawa, ndipo Loweruka ndi Lamulungu zimawerengedwa nawo. Pa lole iliyonse payenera kukhala chigubu cha madzi, sopo ndi bandeji, ndipo aliyense adziwiretu kuti kupita kuchipatala sikumudulitsa malipiro a tsikulo. Popanda lonjezo limenelo munthu waganyu adzasankha kumaliza msewu.

Ndinawauzanso manambala, chifukwa mantha opitirira nawo amapangitsa munthu kubisa. Mwa ogwira ntchito m'chipatala amene abayidwa ndi singano ya munthu amene ali ndi HIV, amene amatenga kachilombo ndi pafupifupi 3 mwa 1,000. Singano imene yagona m'zinyalala ngozi yake ndi yocheperapo, ngakhale kuti magazi otsalira m'kati mwa sirinji amatha kusunga kachilomboko kwa masiku. Chimene anthu sachiopa koma n'choopsa kwambiri ndi matenda a chiwindi a hepataitisi B. Kwa munthu wopanda katemera, mwayi wotenga umayambira pa 6 mpaka 30 mwa 100, ndipo kachilombo kake kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Katemera wake alipo, amabaya katatu m'miyezi isanu ndi umodzi. Kuno ku Malawi anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, kutanthauza kuti amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanamulandire ku sikelo. Palinso kafumbata, amene amalowera pa bala lililonse lakuya lodetsedwa ndi dothi, kaya la galasi kaya la chitini. Amayi ambiri amalandira katemera wake ku sikelo ya apakati, koma abambo ambiri anamaliza ali makanda. Pa anyamata asanu ndi mmodzi aja panalibe ngakhale mmodzi amene ankadziwa ngati anabayitsapo atakula. Kwa ine katemera awiriwa ndi mbali ya zodzitetezera, ofanana ndi gambutsi, ndipo ayenera kubwera munthu asanakwere lole.

Ndikudziwa zimene eni makampani ang'onoang'ono anganene, ndipo bambo uja ananena. Ndalama imene timalipira pa mwezi ndi yochepa, mafuta akwera, ndipo anyamata sakhalitsa, umuphunzitsa lero mwezi wamawa wapita. Ndikumva. Koma taonani zimene tinagwiritsa ntchito Loweruka lija: choko, timitengo, matumba akale, chigubu ndi maola atatu. Chodula ndi nsapato ndi katemera, osati phunziro. Ndipo kusakhalitsa kwa antchito ndi chifukwa chophunzitsira pafupipafupi, popeza watsopano ndi amene sadziwa kuti geti iti imatulutsa mabotolo a mowa, iti ili pafupi ndi ometa tsitsi kumene malezala amachuluka. Mphindi khumi Lolemba lililonse lole isananyamuke, mutu umodzi basi, wachikulire uja akutsogolera, zingapose semina ya tsiku lonse ya kamodzi pachaka yokhala ndi fanta ndi alawansi. Komanso si nkhani ya chifundo chabe. Lamulo la dziko lino la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito linaika pa olemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera pamodzi ndi malangizo, maphunziro ndi kuyang'anira.

Ndisaiwale mbali yanga, popeza byureti inali yanga. Palibe phunziro limene likanamuonetsa mwana uja zimene zinali m'thumba lotseka. Galasi losweka liyenera kukulungidwa m'manyuzipepala angapo, kuikidwa m'katoni kapena m'chigubu chodula, kumatidwa, ndi kulembedwa ndi zilembo zazikulu kuti GALASI, n'kuikidwa pambali pa bini osati m'kati. Malezala alowe m'kabotolo kotseka. Ndipo zinthu sizithera pa lole. Amene munapitako ku Mzedi mukudziwa kuti kumtaya kumakhala anthu, ena ana, amene amafukula ndi manja kufuna mabotolo ndi zitsulo zogulitsa. Chimene chaphonya wonyamula chimakawapeza iwo. Ine ndaphunzitsa chitetezo cha mu labotale kwa zaka zambiri, ndakhala ndikulemba pabolodi malamulo a magalasi a m'maso ndi asidi, koma malamulo anga onse ankathera pakhomo la labotale. Tsopano pakona pali katoni yolembedwa, ndipo Fomu 1 iliyonse ikumva nkhani ya byureti sabata yoyamba.

Mwana wanga uja anabwerera pa lole patatha milungu itatu. Akuti chala chachikulu chimachitabe dzanzi m'mawa kukazizira. Lachinayi lapitali ndinaima pawindo la sitafurumu kuwaonerera. Matumba ankagwira kukamwa, diramu ya kukhitchini ananyamula awiri, koma mmodzi ndinamuona atakwera pamwamba akupondaponda ngati kale, ndiye ntchito ikadalipo. Tagwirizana kukumananso Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Gawo la katemera ndi PEP ndikufuna alifotokoze munthu wa chipatala, osati mphunzitsi wa Fizikisi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu amene munakhala pa mabenchi anga pano ndinu anamwino ndi madokotala. Amene ali pafupi ndipo Loweruka limenelo sali pa ntchito andipeze kusukulu, tiyamba 8 koloko, choko ndibweretsa ndine.